Diresi latsopano landiyabwitsa: kodi ndikanalichapa kaye?

Nachisale: Moni nonse. Ndithandizeni maganizo. Ndinagula diresi latsopano, la buluu woderako uja, lili ndi kansalu koterera mkati. Loweruka m'mawa ndinalichotsa m'pulasitiki n'kuvala pomwepo, ndipo ndinakhala nalo tsiku lonse kukutentha. Madzulo povula ndinapeza pitikoti yanga yoyera yasanduka yabuluu m'chiuno, khungu nalo lili bii pamene panadutsa lamba. Lamlungu ndinali bwinobwino. Lolemba ndi pamene kuyabwa kunayamba, m'mbali mwa m'khwapa, m'chiuno ndi kuseri kwa khosi, ndipo pano patuluka timatuza ting'onoting'ono tofiira. Mchemwali wanga akuti ndi chifukwa sindinalichape. Koma chinthu chatsopano, chosavalidwapo ndi munthu, litsiro lake lichokera kuti?

Nankhoma: Pepani asisi. Koma za kaunjika simungavale osachapa ayi, simudziwa amene ankavala anali ndi chiyani m'thupi. Muziviika kaye m'madzi otentha.

Nachisale: Si la kaunjika amayi, ndi latsopano, linali ndi kapepala kake kolendewera. N'chifukwa chake ndadabwa.

Nankhoma: Ooh, ndinawerenga mothamanga. Ndiye kaya.

Yamikani: Zimenezo ndi mphere basi. Zovala za m'sitolo anthu amayesa tsiku lonse, wina avala avula, wina avala avula, kenako amangozipindanso bwinobwino n'kubwezera m'pulasitiki. Inu mumaona ngati ndinu woyamba.

Anamwino Thoko: Achimwene a Yamikani, zoti anthu amayesa zovala ndi zoona, koma izi sizikumveka ngati mphere. Munthu amene sanadwalepo mphere, akaitenga pamapita masabata angapo, nthawi zambiri anayi mpaka asanu ndi limodzi, asanayambe kukanda. Komanso mphere imakonda pakati pa zala ndi m'mikono mopindika, ndipo imavuta kwambiri usiku. Tizilombo take tikachoka pakhungu la munthu timatha masiku awiri kapena atatu basi, choncho kuitenga kuchokera ku diresi la m'pulasitiki n'kovuta. Za a Nachisale zabwera patapita masiku awiri, ndipo zatsata ndendende pamene nsalu imathina ndi pamene thukuta limachuluka. Asisi, tandiuzeni, pakatikati pa khwapa penipeni pali timatuza, kapena tazungulira m'mbali mokha? Nanga pamene panali bula ndi pitikoti?

Nachisale: Ndangodziyang'ana pagalasi. Pakati pa khwapa palibe kanthu, tazungulira m'mbali ngati mkombero. Pamene panali bula ndi posalala bwinobwino. M'chiuno zili pamwamba pa pitikoti, pamene diresi linkagunda khungu.

Anamwino Thoko: Ndiye khungu lanu likukana chinthu china chimene chili m'nsaluyo. Chikanakhala cha mafuta opaka m'khwapa, chikanayambira pakati penipenipo. Nsalu sifika pakatipo, imakhula m'mbali. Ndipo pamene zamkati zinatchinga ndi pamene papulumuka. Lekani kaye kuvala diresilo, musakande, muzisamba ndi sopo wosanunkhira. Zikayamba kuchucha madzi, kutupa kapena kufalikira, pitani akakuoneni, musadikire.

Bambo Mbewe: Ndiloleni ndiyankhe funso loti litsiro lichokera kuti, chifukwa ndinagwira ntchito zaka zambiri m'fakitale ya nsalu, mbali yomalizitsa. Amayi a Nachisale, chimene anthu ambiri sadziwa ndi ichi: chinthu chomaliza kukhudza nsalu isanapite kwa osoka si madzi oyera ayi, ndi mankhwala. Nsalu ikathiridwa utoto n'kutsukidwa, timaidutsitsa m'chibeseni chachitali cha madzi osakaniza ndi zofewetsa, zolimbitsa, kapena zoletsa makwinya. Ikatuluka m'menemo imafinyidwa pakati pa zitsulo ziwiri zozungulira, kenako imalowa m'makina otentha, madigiri 150 kapena kupitirirapo, kuti mankhwalawo aumiremo. Ikatuluka imakulungidwa, basi. Kawirikawiri sichapidwanso. Osoka amadula, amasoka, amasita, amapinda, n'kuika m'pulasitiki. Kupatula zovala zina monga majinzi amene amachapidwa dala atasokedwa, chovala chambiri chimafika pathupi panu chisanaone madzi kuchokera tsiku limene chinamwetsedwa mankhwala aja. Kuuma kuja, kusalala kuja, ndi kafungo kamene timati ka chatsopano, zonsezo ndi zopakidwa pamwamba.

Onjezanipo ulendo wake. Nsalu imagwa pansi m'chipinda chodulira, imadutsa m'manja mwa osoka ambiri chifukwa wina amalumikiza manja okha, wina kolala yokha, wina mabatani. Pali mafuta a makina, choko cholembera, fumbi la ulusi. Kenako chimakhala m'katoni miyezi, m'sitima ndi m'nyumba zosungira katundu. Koma kunena zoona, fumbi si limene limandidetsa nkhawa. Chimene chimavutitsa khungu kawirikawiri ndi ziwiri, utoto wotsalira ndi mankhwala oletsa makwinya.

Yamikani: Koma bambo, ine shati yatsopano ndikaichapa imatha ulemerero. Imafota, kolala imagona. Ndimafuna ndiivale kamodzi anthu aione kuti ndi yatsopano. Ndipo sindinayabwidwepo n'kamodzi komwe.

Bambo Mbewe: Mukunena zoona achimwene, anthu ambiri sayabwidwa, ndipo sindikufuna kuopseza munthu. Koma kuuma kumene mukukukondako ndi sitachi ndi zolimbitsa, si ubwino wa nsalu ayi. Nsalu yeniyeni ndi imene mumaiona mukachapa. Mukafuna kolala yoima, chapani, thirani sitachi wanu amene mukumudziwa, sitani. Chinanso, khungu silikana chinthu tsiku loyamba kukumana nacho. Limayamba lachizolowera kuti ndi mdani, mwina patapita zaka, ndiye tsiku lina limangodzuka. Likafika pamenepo nthawi zambiri silibwereranso m'mbuyo. A Nachisale ayenera kuti anakumanapo ndi chinthu chomwechi pa zovala zina osadziwa.

Make Dalitso: Bambo Mbewe, mankhwala oletsa makwinyawo ndi otani? Ine ndili ndi khanda la miyezi itatu, anthu andipatsa tizovala tambiri tatsopano. Tina ndachapa, tina ayi.

Bambo Mbewe: Thonje limachita makwinya mwachibadwa. Kuti shati kapena nsalu ya pabedi izitchedwa yosafuna kusita, amaimwetsa mankhwala okhala ngati ulimbo amene amamanga ulusi wa thonje kuti usapindike. Ambiri mwa mankhwala amenewa amapangidwa ndi fomadihaidi, yemwe ndi chinthu chomwe chija chili mu fomalini, mankhwala oumitsira mitembo aja. Wina amamangika m'nsalu, wina amatsala womasuka. Womasukayo ndi amene amanunkha mwaukali mukangotsegula pulasitiki, mwina mpaka m'maso kuwawa, ndiponso ndi amene amayabwitsa. Ubwino wake ndi woti amasungunuka m'madzi msanga, choncho kuchapa koyamba kumachotsa wambiri. Koma womangika uja amapitiriza kutuluka pang'onopang'ono, makamaka pakakhala kutentha ndi chinyezi, ndiye munthu amene khungu lake limakana fomadihaidi sapulumuka kwathunthu ndi kuchapa kamodzi.

Nkhaniyi si yatsopano. Dziko la Japan linakhazikitsa lamulo mu 1973, ndipo malire ake pa zovala zogunda khungu ndi mamiligalamu 75 pa kilogalamu ya nsalu, pamene za ana osapitirira zaka ziwiri safuna kuti apezekemo n'komwe poyeza. Mayiko a mu mgwirizano wa ku Ulaya nawo ali ndi malire a 75 omwewo. Mukaona chizindikiro cha OEKO-TEX pa lebulo, ndiye kuti nsaluyo inayezedwa zinthu ngati zimenezi. Koma chovala chili m'manja mwanu simungadziwe ndi maso kuti chinatsata malamulo a kuti. Ndiye amake a Dalitso, za mwana chapani zonse, ngakhale kachipewa ndi masokosi. Khungu lake ndi lopyapyala, komanso amayamwa manja a malaya ndi kolala.

Make Dalitso: Zoona, wangayu chilichonse chimathera m'kamwa. Ndizichapa ndi madzi owira?

Bambo Mbewe: Ayi, palibe chifukwa. Yang'anani pa lebulo kachithunzi ka beseni kali ndi nambala, 30, 40 kapena 60. Nambalayo ndi madigiri amene simuyenera kupitirira. Madzi ofunda, sopo pang'ono wosanunkhira, ndi kutsukuluza kawiri kapena katatu. Chofunika kwambiri ndi kutsukuluzako, chifukwa sopo wotsalira nayenso amayabwitsa mwana, ndiye mungachotse vuto lina n'kuikapo lina.

Nachisale: Ndiye langali ndi fomadihaidi ameneyo? Fungo linalipo ndithu, koma silinali lowawa m'maso.

Bambo Mbewe: Tawerengani lebulo ya mkati, cha m'mbali kumunsi. Nsalu yakunja ndi chiyani, yamkati ndi chiyani?

Nachisale: Yakunja alemba poliyesita 95, zotanuka zija 5. Yamkati poliyesita yekhayekha. Kansalu kamkatiko nako ndi kabuluu woderako.

Bambo Mbewe: Ndiye ine ndikukayikira utoto kuposa fomadihaidi. Poliyesita sachita makwinya kwambiri, choncho safuna mankhwala aja ngati thonje. Vuto lake lili pa utoto. Ulusi wa poliyesita uli ngati pulasitiki, sumwa madzi, ndiye utoto wamba sulowa. Timagwiritsa ntchito utoto wotchedwa disipesi, ndipo timaphika nsalu m'chithanki chotseka pa madigiri pafupifupi 130 kuti ulusi utseguke, utoto ulowe mkati. Ukazizira umatsekeredwa m'menemo. Koma sumamatirana ndi ulusi ngati mmene utoto wabwino wa thonje umachitira, umangokhala ngati mlendo wotsekeredwa m'nyumba. Pa mitundu yakuda, buluu woderako ndi bulauni timathira utoto wambiri, ndipo wina umatsala kunja kwa ulusi. Pali kutsuka kwapadera kochotsa wotsalawo. Fakitale ikafulumira kapena ikafuna kusunga madzi ndi mankhwala, kutsuka kumeneko ndi kumene kumachepetsedwa. Komanso nsalu ikadzatenthedwanso pomalizitsa, utoto wina umatuluka mkati n'kubwera pamwamba. Ndiye inu mwavala tsiku lotentha, thukuta ndi mafuta a khungu zausungunula, lamba waukhula, mwauona pa pitikoti. Mitundu ina ya buluu ya utoto umenewu, monga ya nambala 106 ndi 124, ndi yodziwika kwa madokotala a khungu kuti imayambitsa zimene mwafotokozazi, ndipo tinsalu ta mkati toterera timatchulidwa kawirikawiri.

Sindikunena kuti ndi umenewo ndithu. Ndikungoti zizindikiro zaloza kumeneko.

Telala Fatsani: Nkhani ya utoto ndi yosavuta amayi. Viikani diresilo usiku wonse m'madzi a mchere wambiri, kapena muthiremo vinyo wosasa. Utoto umagwira, sudzachuchanso. Ine makasitomala anga onse ndimawauza zimenezi. Ndipo nsalu ya thonje ndisanadule ndimaichapa kaye, chifukwa ndinasokapo siketi yokwana bwino, mwini wake atachapa kamodzi inakwera m'mwamba, zipi n'kuchita mafunde. Kuyambira pamenepo sindidula nsalu yosanyowa.

Bambo Mbewe: A telala, za kuchapa thonje musanadule mwalasa. M'fakitale nsalu imakokedwa nthawi yonse ili m'makina, ndiye ikanyowa koyamba ulusi umabwerera m'malo mwake, n'chifukwa chake imafupika. Koma za mchere ndikutsutsani pang'ono. Mchere timaugwiritsadi ntchito, koma pa nthawi yothira utoto pa thonje, kuti utoto uchoke m'madzi upite pa nsalu. Vinyo wosasa amathandiza pothira utoto pa ubweya, silika ndi nayiloni. Chovala chikakhala kuti chatha kale kupangidwa, mchere sumanganso utoto womasuka, ndipo pa poliyesita suchita chilichonse. Chimene chimathandiza makasitomala anu ndi madziwo, amene akuchotsa utoto wotsalira. Ndipo utoto womasukawo sitikufuna kuti ugwire, tikufuna uchoke.

Telala Fatsani: Mmm, koma ine ndaona ndi maso anga bambo. Ya mchere sichucha ngati yopanda mchere.

Bambo Mbewe: Tadulani tizidutswa tiwiri pa nsalu imodzi, kena m'madzi a mchere, kena m'madzi okha, nthawi yofanana, mutsukuluze mofanana, kenako mukhule tonse pa kansalu koyera. Mudzatiuze.

Telala Fatsani: Ndiyesa. Koma mchere sindisiya msanga.

Nachisale: Nanga ine ndichite bwanji ndi diresili? Ndimalikonda, sindikufuna kulitaya.

Bambo Mbewe: Choyamba dikirani khungu lipole kwathunthu. Diresilo litembenuzeni, kunja kukhale mkati, mulichape lokha, osaphatikiza ndi chovala china. Madzi akhale ofunda malinga ndi nambala ya pa lebulo, chifukwa madzi ozizira kwambiri sachotsa bwino zamafutamafuta. Sopo wamadzi kapena waufa wosungunula bwino, pang'ono. Pikichani mofatsa, makamaka kansalu kamkati, m'khwapa, m'chiuno ndi m'khosi. Ngati mukuchapa pamanja valani magolovesi, popeza manja nawo ndi khungu lomwelo. Tayani madzi, tsukuluzani, tayaninso, mpaka madzi atuluke oyera. Mukatero bwerezani kuchapa konse kachiwiri. Yanikani pamthunzi.

Likauma, tengani kansalu koyera ka thonje, kanyowetseni, kafinyeni, mukakulunge pachala, mukhule mwamphamvu kakhumi pa kansalu kamkati. Ife m'fakitale tinkayesa chimodzimodzi, kungoti ndi makina. Kakatuluka koyera kapena kongodetsedwa pang'ono, wotsalira wambiri wapita. Kakatulukabe kabuluu mutachapa katatu, utoto wa nsaluyo sunakhazikike, ndipo sudzasiya.

Anamwino Thoko: Ndiwonjezere apa. Ngakhale kansaluko katuluke koyera, ngati khungu la asisi layamba kale kukana utoto umenewo, kochepa kosaoneka ndi maso kangathe kudzutsanso zidzolo. Kuchapa kumachepetsa, sikulonjeza. Mukadzavalanso, muyambe ndi maola awiri kapena atatu tsiku lozizira, muvale chamkati cha thonje choyera chokhala ndi manja, kenako mudikire masiku atatu muone. Njira yodziwira chenicheni ndi kwa dokotala wa khungu, amene amamata timankhwala tosiyanasiyana pamsana, n'kutichotsa patapita masiku awiri, n'kudzaonanso masiku ena akadutsa. Nthawi zina amamatanso kachidutswa ka chovala chomwecho.

Yamikani: Nanga suti? Kapena jekete lolembedwa kuti lisalowe m'madzi? Musandiuze kuti nalonso ndiliviike m'beseni.

Bambo Mbewe: Ayi, mungaliwononge. Mukaona kachizindikiro ka beseni lodulidwa ndi mtanda, musaliike m'madzi. Lichotseni m'pulasitiki, mulipachike pamthunzi podutsa mphepo masiku awiri kapena atatu kuti fungo lichoke. Jekete siligunda khungu kwenikweni, pali shati pakati, ndiye nkhawa ndi yochepa. Ine ndimayang'ana kuti chovala chili pafupi bwanji ndi khungu ndiponso chimwa thukuta lochuluka bwanji. Zamkati, masokosi, zovala zochitira masewera, zogonera, nsalu za pabedi, matawulo ndi za ana, zimenezo osavala zisanachapidwe. Shati ndi diresi chimodzimodzi. Jekete ndi chikhoti zingadikire.

Nankhoma: Mwatchula matawulo mwandikumbutsa. Ndinagula thawulo lofewa ngati mphaka, koma silipukuta, madzi amangoterereka pathupi. Ndimayesa landipusitsa.

Bambo Mbewe: Ndi zofewetsa zija, nthawi zambiri za silikoni. Zimakuta ulusi kuti dzanja la wogula limve kufewa, koma zimakana madzi. Lichapeni kawiri kapena katatu ndi sopo, osathiramo mankhwala ofewetsa zovala, liyamba kumwa madzi. Likapanda kusintha, onani lebulo, mwina muli poliyesita wambiri.

Yamikani: Chabwino, za jinzi ndivomera. Inandidetsapo nsapato zoyera ndi mpando wa eni ake. Koma kusita sikokwanira? Moto umapha zonse.

Anamwino Thoko: Kusita kungaphe nsabwe ndi tizilombo pamene simbi yafika, koma sikuchotsa kanthu. Utoto, sitachi, thukuta la amene anayesa, mafuta odzola, zonse zimatsala pomwepo.

Bambo Mbewe: Ndipo pa poliyesita simbi yotentha kwambiri ingathe kukokera utoto wina pamwamba. Za jinzi, utoto wake wa indigo umakhala kunja kwa ulusi, pakati pamakhala poyera, n'chifukwa chake imasuluka mokongola komanso n'chifukwa chake imadetsa. Imeneyo kuchapa koyamba itembenuzeni, madzi ozizira, yokha.

Make Dalitso: Mlamu wanga amatuluka zilonda pansi pa mchombo akavala jinzi, ngakhale yakale yochapidwa kambirimbiri. Ndi utoto womwewo?

Anamwino Thoko: Ngati ndi malo amodzi okha, ozungulira, pamene pamagunda batani lachitsulo, kawirikawiri chimakhala chitsulo cha nikelo chimene chili m'batanimo. Chimenecho kuchapa sikuthandiza. Asokerepo kansalu kuseri kwa batani, kapena azipisira malaya mkati.

Nachisale: Ndabweranso patapita masabata awiri kuti ndikuuzeni. Khungu linapola patatha masiku asanu ndi anayi, kwangotsala timadontho takuda m'chiuno. Diresi ndinalichapa monga munanenera bambo Mbewe. Madzi oyamba anali ngati inki, achiwiri obiriwirako, ndinatsukuluza kasanu asanayere. Nditayesa ndi kansalu koyera, nsalu yakunja sinadetse, koma yamkati inasiyabe kabuluu pang'ono ngakhale nditachapa kachitatu. Ndinavala maola atatu ndi chamkati cha thonje. M'chiuno ndi m'khwapa palibe chimene chachitika, koma kuseri kwa khosi, pamene chamkati sichinafike, payabwanso pang'ono tsiku lachiwiri.

Telala Fatsani: Ndiye vuto ndi kansalu kamkatiko. Pitani nalo kwa telala akakasomole, aikemo ka thonje kopyapyala koyera, kafike mpaka m'khosi. Ndi ntchito ya tsiku limodzi. Koma ka thonjeko akachape kaye asanadule.

Bambo Mbewe: Nzeru imeneyo ndi yabwino. Kungoti pakhosi pamakhalanso lebulo ndi ulusi wosokera, ndipo nsalu yakunja imapindikira mkati pamenepo. Zikhoza kukhala zimenezo. Asomole lebulo kaye aone, asanalipire kusintha kansalu konse.

Anamwino Thoko: Ine ndikanakonda akayezetse pamsana asanavalenso, popeza kwayabwa kawiri malo amodzi. Akadziwa dzina la chimene khungu likukana, adzadziwanso zoyenera kupewa pogula zina.

Nachisale: Lebulo ndaidula kale usiku wathawu, inali yolimba ngati pepala. Ndidikira khosi lipole ndisanaganize za kansalu kamkati. A Fatsani, nanga tizidutswa tanu ta mchere tija zinatha bwanji?

Telala Fatsani: Tonse tiwiri tinadetsa kansalu koyera, ndisaname. Koma ka mchere ndimaona ngati kanadetsa mocheperako. Mkazi wanga akuti n'chimodzimodzi. Ndiyesanso ndi nsalu yofiira.